Ngongole yodulidwa pa malipiro: nkhani ya bambo wina wa ku City Deep

Bambo amene ndikunena pano ndi wa zaka 41, kwawo ku Balaka, ndipo pa nthawiyo n'kuti atagwira ntchito zaka 7 akuyendetsa folokolifiti m'nyumba yosungiramo katundu ku City Deep, mu mzinda wa Johannesburg. Amakhala ku Rosettenville ndi akazi awo komanso mwana mmodzi. Ali ndi chilolezo chokhala mu South Africa mpaka kalekale, ndiye nkhani ya mapepala, yomwe imatsekereza Amalawi ambiri asanafike n'komwe pa khomo la banki, inali isakuwavuta. Anabwera kwa ine mu Malichi 2025, atatumizidwa ndi mkulu wa mpingo wawo, pepala lili m'manja. Mphepo ya mvula inali itasasula denga la nyumba ya mayi awo kumudzi, ndipo iwo ankafuna R20,000. Kampani ina yobwereketsa ndalama, yomwe ili pa mgwirizano ndi abwana awo woti ngongole izidulidwa pa malipiro, inali itawapatsa kale pepala la mtengo. Malinga ndi lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la 2005, pepala lotere limakhala ndi mphamvu masiku 5 ogwira ntchito. Atatu anali atapita kale.

Sanabwere kudzafunsa ngati atenge kapena ayi. Funso lawo linali limodzi: "Achimwene, 24 ndi 27, yotchipa ndi 24, si choncho?" Banki yawo inawauza pa foni kuti ikhoza kuwapatsa ndalama zomwezo pa chiwongoladzanja cha 27 peresenti pa chaka, pamene kampani ya ku ntchito inati 24. Anangofuna kuti munthu wodziwa awavomereze, akasaine.

Choyamba ndinaona ngati kampaniyo ndi yolembetsedwa ku National Credit Regulator, ofesi ya boma yoyang'anira obwereketsa ndalama, ndipo inali yolembetsedwa. Chiwongoladzanja chakenso chinali m'malire. Pa ngongole yopanda chikole lamulo limalola chiwongoladzanja cha banki yaikulu, chija amati repo, kuphatikiza 21 peresenti. Mwezi umenewo repo inali pa 7.5, choncho denga linali 28.5. Panalibe wakuba pa awiriwa. Ndikunena izi chifukwa anzanga ena akangoona ngongole yodula pa malipiro amayamba kufunafuna chinyengo, n'kutaya nthawi, pamene vuto lili poyera m'manambala ovomerezeka.

Tinayala mapepala awiriwo pa tebulo. Onse awiri anali ndi ndalama yotsegulira ngongole ya R1,207.50, yomwe ndi malire a lamulo ataphatikiza msonkho wa VAT, ndipo onse anaiwonjezera pa ngongoleyo, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa R21,207.50, osati pa R20,000. Onse anali ndi R69 ya mwezi ndi mwezi yoyendetsera akaunti. Onse anali ndi inshuwalansi ya ngongole pa R4.50 pa R1,000 iliyonse yotsala, omwenso ndi malire. Kusiyana kunali pa mzere umene bambowa sanauyang'ane: kampani ya ku ntchito inalemba miyezi 36, banki inalemba miyezi 24.

Pa kampani ya ku ntchito, mwezi woyamba akanadulidwa pafupifupi R1,000, ndipo pomaliza miyezi 36 akanakhala atabweza ndalama zokwana pafupifupi R34,400. Ku banki mwezi woyamba ukanakhala wowawa, pafupifupi R1,320, koma zonse pamodzi zikanathera pa pafupifupi R30,630. Ngongole ya chiwongoladzanja chokwera inali yotchipa ndi pafupifupi R3,800. Bambowa anakhala chete, kenako anatenga foni n'kuwerengetsa okha kawiri. Chimene chimachitika apa n'chosavuta: chaka chowonjezeracho chimabwera ndi chiwongoladzanja chake, R69 yake ka 12, ndi inshuwalansi yake. Wogulitsa ngongole amadziwa kuti munthu amamva ndalama ya pa mwezi, samva ya pamapeto, ndiye amatalikitsa nthawi kuti ya pa mweziyo ioneke yopepuka.

Kuti tiyerekeze zinthu zofanana, ndinawerengetsanso ngongole ya ku ntchito ija pa miyezi 24. Inatuluka pafupifupi R29,850. Ndiye phindu lenileni lotenga ngongole yodula pa malipiro m'malo mwa ya ku banki linali ngati R780 pa zaka ziwiri. Apa mpamene funso linasintha. Sitinalinso kufunsa kuti yotchipa ndi iti, koma kuti bambowa akupereka chiyani posinthanitsa ndi R780 imeneyo.

Ndinawapempha mapeyisilipi a miyezi 6, osati atatu okha omwe anapereka kwa obwereketsa. Malipiro awo enieni anali R11,800. Pa miyezi itatu yomwe obwereketsa anaona, Disembala mpaka Febuluwale, panali ovataimu ya pafupifupi R2,700 mwezi uliwonse, ndipo ataduladula msonkho, ya UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, ndi ya penshoni, ku banki kunkalowa ngati R12,450. Koma mu Seputembala wa chaka chathacho kunalibe ovataimu, ndipo inalowa R10,270. Nditawafunsa, anati ntchito pa malo awo imayenda ndi makontena: ikachuluka amagona ku ntchito, ikachepa amaweruka dzuwa lili pamutu.

Kenako tinalemba zotuluka, ndipo ndinalimbikira kuti akazi awo akhalepo, chifukwa ndi amene amadziwa mtengo wa ufa. Lendi R2,800, mataxi R1,000, chakudya R2,300, magetsi ndi foni R600, kiresi ya mwana R800, yotumiza kumudzi R800, akaunti ya zovala R350, ya maliro R250, ndi R500 ya chipereganyu. Zonse R9,400. Mayiwa amaluka tsitsi, koma ndalama yake ndi ya mwayi, ndipo sitinaiwerengere. Mwezi wa ovataimu pankatsala R3,050. Mwezi wopanda ovataimu pankatsala R870.

Pa R870 palibe ngongole iliyonse mwa ziwirizi imene inkakwana, ngakhale yotalikitsa ija. Obwereketsa sanalakwitse kuwerengera kwawo: anaona mapepala omwe anapatsidwa, ndipo ndalama zotumiza kumudzi ndi za chipereganyu bambowa sanazitchule pa fomu, poganiza kuti si ngongole. Izi ndimaziona pafupipafupi kwa anthu a kwathu. Ndalama ya amayi kumudzi salemba pa fomu, koma ndi imene munthu sangadumphe.

Tsono kusiyana kwa kudula pa malipiro ndi kudula ku banki kumaonekera mwezi woipa. Ya pa malipiro imachoka ndalama zisanafike kwa mwini wake. Lendi, chakudya, mataxi, zonse zimadikira kumbuyo, ndipo munthu alibe mpata wosankha choyamba kulipira. N'chifukwa chake obwereketsa amatsitsako chiwongoladzanja: chiopsezo chawo n'chochepa. Ya ku banki nayonso si yofewa ayi. Masiku ano zambiri zimadutsa mu DebiCheck, yomwe munthu amavomereza pa foni, ndipo imadula tsiku lomwe malipiro alowa. Komabe ndi nkhani ya pakati pa munthu ndi banki yake. Angathe kupita kukakambirana, abwana osadziwa kanthu. Ya pa malipiro imalowetsa munthu wachitatu, ndipo ofesi ya malipiro imadziwa kuti uje ali m'ngongole zingati.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali pa tsamba lomaliza, pa chilolezo chodula. Lamulo la ntchito, Basic Conditions of Employment Act, pa gawo 34 limaletsa bwana kudula ngongole pa malipiro popanda chilolezo cholembedwa cha wantchito, kupatula ngati lamulo, khoti kapena mgwirizano wa antchito onse walamula. Chilolezo chimene bambowa ankati asaine chinali ndi ndime yoti ntchito ikatha pa chifukwa chilichonse, abwana atenge ngongole yotsala pa ndalama zonse zomaliza, kuphatikizapo za tchuthi ndi za chipukutamisozi, n'kupereka kwa obwereketsa. Nditawawerengera, anati, "Koma anatiuza kuti sangadule kupitirira kota." Ambiri amakhulupirira zimenezi. Malire a kota mu gawo 34 amakhudza ndalama zobwezera katundu amene wantchito wawononga kapena kutaya. Malire ena a 25 peresenti ndi a ganishi, lamulo la khoti lodula malipiro, ndipo anabwera pambuyo pa chigamulo cha Khoti la Malamulo Aakulu cha 2016 chomwe chinati woweruza yekha ndiye azivomereza ganishi. Ngongole imene munthu wasainira yekha kuti izidulidwa si ganishi, ndipo chitetezo chimenecho sichimufika. Kwa anzanga amene mumathandiza ogwira ntchito m'nyumba, nkhani yawo ndi ina: kumeneko bwana saloledwa kudula kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a malipiro pobweza ngongole imene wapereka.

Njira zina zomwe bambowa anali ataganizapo tinazidutsa mwachangu. Mashonisa wina wa pafupi ndi kwawo, katapila weniweni, ankafuna 30 peresenti pa mwezi komanso kusunga khadi la ku banki. Pa R20,000 ndiye R6,000 mwezi uliwonse ngongole isanakhudzidwe. Kusunga khadi, nambala yachinsinsi kapena chiphaso cha wobwereka n'koletsedwa ndi lamulo la ngongole, ndipo sitinataye mawu pamenepo. Masitolo obwereketsa ndalama za msangamsanga ndi ovomerezeka ngati alembetsa, koma ngongole yawo yaifupi imathera pa R8,000 ndi miyezi 6, pa 5 peresenti pa mwezi pa ngongole yoyamba ya chaka. Sikanakwana, ndipo kubweza kwake kukanapitirira kutali R870 ija.

Ndondomeko ya miphika iwiri ya penshoni, yomwe inayamba pa 1 Seputembala 2024 ndipo imagawa ndalama za penshoni mu mphika wodikira ukalamba ndi mphika wosunga womwe munthu angatapemo akadali pa ntchito, tinaikhalira pansi pang'ono. Mu mphika wawo wosunga munali pafupifupi R9,200. Munthu amaloledwa kutapamo kamodzi pa chaka cha msonkho, osachepera R2,000, ndipo ndalamayo imadulidwa msonkho pa mlingo wa malipiro ake, womwe kwa bambowa unali 18 peresenti, kuphatikizapo kandalama ka oyendetsa thumbalo. Akanatapa R7,000, m'manja mukanafika ngati R5,400. Si ngongole, palibe chobweza, ndipo poyerekeza ndi 24 peresenti kwa zaka zitatu si njira yoipa. Ndinawalangiza kuti asatape, osati chifukwa cha ukalamba wokha, koma chifukwa chaka cha msonkho chinali chitangoyamba pa 1 Malichi. Kutapa nthawi imeneyo kunali kutseka chitseko mpaka Malichi wina, kwa munthu amene ntchito yake imadalira makontena.

Mpamene ndinawafunsa kuti R20,000 ija anaipeza bwanji. Anati ndi imene mlongo wawo anatchula pa foni. Ndinawapempha kuti aimbire mmisiri kumudzi, alembe chilichonse ndi mtengo wake, ajambule pepalalo atumize. Litafika madzulo ake, malata, matabwa, misomali, thiransipoti ndi ntchito ya mmisiri zinakwana ndalama zofanana ndi pafupifupi R11,000. Zotsalazo zinali simenti yopakira khoma, chitseko chatsopano, ndi fizi ya mwana wa mlongo wawo ya temu yomwe inali isanafike. Zonsezo ndi zofunika, koma si zimene zinkagonetsa mayi awo kwa oyandikana nawo. Ine ndimaona kuti funso limeneli liyenera kubwera msanga pa nkhani iliyonse ya ngongole yothandizira kumudzi. Ndalama imene imatchulidwa pa foni nthawi zambiri imakhala itaphatikiza mavuto atatu kapena anayi, chifukwa achibale amadziwa kuti wa ku Joni sapemphedwa kawirikawiri ndalama yaikulu.

Pa R11,000 zinthu zinayamba kutheka. Kampani yawo, kupatula mgwirizano ndi obwereketsa aja, inali ndi ngongole yakeyake ya antchito, yopanda chiwongoladzanja, yofika R6,000, yobweza m'miyezi 6. Bambowa ankaidziwa koma anaipeputsa chifukwa sinkafika pa R20,000. Nayonso ndi yodula pa malipiro, nayonso inali ndi ndime yotenga zotsala pa ndalama zomaliza, ndipo R1,000 pa mwezi inkapitirira R870 yathu. Ndinawalembera kalata yaifupi yopempha miyezi 8 pa R750, ndi ndandanda wa zotuluka zawo kuseri. Ofesi ya antchito inavomera. Ndinawachenjeza za chinthu chimodzi kuti asadzadabwe pa peyisilipi: ngongole ya bwana yopanda chiwongoladzanja ikapitirira R3,000, ofesi ya msonkho ya SARS imaona chiwongoladzanja chimene sanalipirecho ngati phindu la pa ntchito, n'kuchiwerengera pa repo kuphatikiza 1 peresenti. Pa R6,000 msonkho wake unali ngati R8 mwezi woyamba, n'kumatsika.

Wina angafunse kuti bwanji ndinakana ngongole imodzi yodula pa malipiro n'kuvomera ina. Sindidana ndi kudula pa malipiro pakokha. Kwa munthu amene amadziwa kuti ndalama ikalowa m'thumba siichedwa, kudulako kumamuthandiza, ndipo sakhala ndi zilango za ku banki za ndalama yobwerera. Ndimayang'ana zinthu ziwiri: ngati ndalama yodulidwayo ikukwana pa mwezi woipitsitsa wa chaka, komanso kuti ntchito itatha mawa, ndime ya pamapeto ija ingatenge zingati. Pa R6,000 yopanda chiwongoladzanja, choipitsitsa chinali R6,000, ndipo chinkachepa ndi R750 mwezi uliwonse. Pa ngongole ya miyezi 36, chaka choyamba munthu amakhala akulipira kwambiri chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni ikutsika pang'onopang'ono.

R5,000 yotsala inachokera ku chipereganyu. Ali anthu 10, onse Amalawi, aliyense amaponya R500, ndipo bambowa anayenera kulandira mu Ogasiti. Anakambirana ndi mayi amene anayenera kulandira mu Epulo, anasinthana, n'kuwapatsa R300 yothokoza. Magulu otere sali pansi pa lamulo la ngongole, choncho palibe ofesi yokadandaulako zinthu zikasokonekera. Ndinawauza kuti kusinthanako kulembedwe m'kope la gulu, onse awiri ndi mlembi asaine. Pepala la kampani yobwereketsa lija linatha mphamvu osasainidwa. Wogulitsa anaimba kangapo, nthawi ina n'kutsitsa ndalama ya pa mwezi potalikitsa kufika miyezi 48. Pakati pa Epulo denga linali litakhomedwa.

Mu Julayi ovataimu inatha. Malipiro atadulidwa R750 anatsika kufika ngati R9,520, zotuluka zili R9,400. Anapulumuka ndi R120 ndi ndalama za tsitsi, ndipo mwezi umodzi anatumiza kumudzi theka. Mu Seputembala kampani inapereka kalata ya gawo 189 la Labour Relations Act yodziwitsa kuti ikufuna kuchepetsa antchito, ndipo kumapeto kwa Okutobala bambowa anali m'gulu la ochotsedwa. Pa nthawiyo n'kuti atabweza R4,500. Abwana anatenga R1,500 yotsala pa malipiro omaliza, monga anasainirana. Chipukutamisozi cha lamulo ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu, ndipo pa zaka 7 analandira pafupifupi R19,000, kuwonjezera za masiku a tchuthi.

Akanakhala kuti anasaina pepala loyamba lija, pambuyo pa miyezi 7 ngongole yotsala ikanakhala ngati R18,200, ngakhale atadulidwa ndalama zoyandikira R7,000. Ndime ya pamapeto ikanameza pafupifupi chipukutamisozi chonse.

Koma apa pali mbali ina imene sindikufuna kuibisa, chifukwa imaima kumbali ya ngongole yomwe tinaikana. Inshuwalansi ya R4.50 ija si ndalama yotaya. Malamulo a 2017 amati munthu akachotsedwa ntchito pa chifukwa chochepetsa antchito, inshuwalansi ilipire ndalama za pa mwezi mpaka miyezi 12, kapena mpaka atapeza ntchito ina, kapena ngongole itatha, chimene chayamba kufika. Pa ngongole yopitirira miyezi 6, kuchotsedwa m'miyezi itatu yoyamba kukhoza kukanidwa, koma bambowa akanakhala atadutsa pamenepo. Ngongole ya abwana inalibe chitetezo chotere. Vuto ndi la nthawi. Ofesi ya malipiro imatsatira chilolezo chimene ili nacho m'faelo, ndipo imadula tsiku la malipiro omaliza, pamene pempho la inshuwalansi limafuna kalata yochotsedwa ntchito, mafomu ndi masabata. Ndalama ikapita n'kutseka ngongole, kuibweza ndi nkhondo. Choncho kasitomala wanu akakhala ndi ngongole yotere n'kulandira kalata ya gawo 189, musadikire tsiku lomaliza. Lemberani obwereketsa ndi ofesi ya malipiro nthawi yomweyo, kuwadziwitsa kuti pempho la inshuwalansi likubwera, n'kupempha kuti ndime yotenga zotsala iimitsidwe mpaka litayankhidwa. Ndipo asanasaine n'komwe, funsani kuti ziwirizi, ndime ndi inshuwalansi, choyamba kugwira ntchito n'chiti, yankho lake libwere lolembedwa.

Bambowa anakalembetsa ku UIF mu Novembala. Ndalama zake zitachedwa, mu Disembala anatapa R8,000 mu mphika wosunga uja, womwe unali usanakhudzidwe chaka chimenecho, n'kulipira lendi ya miyezi iwiri osakhudza kwambiri chipukutamisozi. Anatseka akaunti ya zovala, ndipo R500 ya chipereganyu sanadumphe, popeza anali atadya kale mu Epulo. Kumapeto kwa Januwale 2026 anapeza ntchito ya folokolifiti ku Germiston kudzera kwa kampani yolemba antchito aganyu, pa kontirakiti ya miyezi 6 ndi malipiro otsikirapo. Anabweranso kudzafunsa za R9,000 ya simenti, chitseko ndi fizi. Fizi tinaichotsa pa chipukutamisozi chotsala. Za simenti ndi chitseko tinagwirizana kuti zidikire mpaka kontirakiti itawonjezedwa, ndipo pakadali pano aziika R400 pa mwezi mu akaunti yapadera.